Ayodini-131 akatha theka pa masiku 8, n'chifukwa chiyani satheratu pa masiku 16?

"Aphunzitsi, ndili Fomu 5 ndipo ndimakhala ku Mufakose. Tangoyamba kumene mutu wa nyukiliya mu kemisitiri. Buku likuti hafulaifi ya ayodini-131 ndi masiku 8. Ine ndinaona ngati theka likatha pa masiku 8, theka linalo litha pa masiku 8 otsatira, ndiye pa mayeso ndinalemba kuti pakatha masiku 16 sipatsala kanthu, koma anandithetha. Komanso azakhali anga anamwetsedwa ayodini yemweyu kuchipatala chifukwa cha chithokomiro. Ngati satha, ndiye kuti akhala naye m'thupi moyo wawo wonse?"

Mwananga, pakatha masiku 16 pamatsala gawo limodzi mwa magawo anayi a ayodini amene unayamba naye. Pakatha masiku 24 pamatsala gawo limodzi mwa magawo 8. Nthawi iliyonse chimene chimatha ndi theka la zimene zilipo pa nthawiyo, osati theka la zimene zinalipo poyamba. Ukaloweza chiganizo chimenechi ukhoza funso la pa mayeso, koma ndikufuna umvetse chifukwa chake, popeza wongoloweza amagwanso funsolo likangotembenuzidwa pang'ono. Za azakhali ako mtima ukhale m'malo, ayodiniyo sakhalitsa, ndipo ndikuwerengera bwinobwino tikafika pamenepo.

Tiyambe taona chimene chimachitika mu atomu imodzi. Pakati pa atomu pali nyukiliyasi, ndipo m'menemo muli mapulotoni ndi manyutuloni. Ayodini aliyense ali ndi mapulotoni 53, ndiwo amamupangitsa kukhala ayodini. Ayodini wamba, amene amathiridwa mumchere umene mumagula kugolosale, ndi ayodini-127, ali ndi manyutuloni 74 ndipo nyukiliyasi yake ndi yokhazikika, sisintha. Ayodini-131 ali ndi manyutuloni 78. Anayi owonjezerawo ndiwo amasokoneza, chifukwa manyutuloni achuluka poyerekeza ndi mapulotoni. Tsiku lina nyutuloni imodzi imasanduka pulotoni, ndipo pa nthawi yomweyo nyukiliyasi imalavula elekitiloni yothamanga kwambiri, imene timaitcha beta, pamodzi ndi kanthu kena kovuta kukagwira kotchedwa antinyutirino. Mapulotoni akhala 54 tsopano, manyutuloni 77. Atomu ya mapulotoni 54 si ayodininso, ndi zenoni. Kawirikawiri nyukiliyasi yatsopanoyi imatsala ndi mphamvu yapadera imene imaitaya ngati cheza cha gama. M'buku uziona zitalembedwa motere:

```
¹³¹₅₃I → ¹³¹₅₄Xe + ⁰₋₁e
```

Manambala apamwamba agwirizane mbali zonse ziwiri, 131 ndi 131 kuphatikiza 0, ndipo apansi nawonso, 53 ndi 54 kuchotsa 1. Elekitiloni imeneyi sichokera pa maelekitiloni ozungulira kunja aja amene mwakhala mukuphunzira kuyambira Fomu 3. Imabadwira mu nyukiliyasi momwemo pa nthawi ya kusinthako. Ana ambiri amalakwitsa pamenepa. Kusintha kotereku ndiko timati kusweka kwa nyukiliyasi, ndipo zenoni-131 amene watulukayo ndi wokhazikika, sadzaswekanso.

Tsopano funso lenileni ndi ili: atomu imodzi ya ayodini-131 imene ili m'botolo lero, isweka liti? Palibe amene angakuuze, ndipo si chifukwa choti zida zathu n'zoperewera. Nyukiliyasi sikalamba. Atomu imene yapangidwa m'mawa uno ndi ina imene yakhala miyezi iwiri osasweka ndi zofanana ndendende, ndipo mwayi woti isweke mu ola likubwerali ndi umodzimodzi kwa zonse ziwiri. Yakaleyo sinayandikire mapeto ake kuposa yatsopanoyo. Apa ndi pamene yankho lako la pa mayeso linapatukira. Unaganiza kuti maatomu amene apulumuka masiku 8 oyamba atsala ndi masiku 8 okha, ngati kuti aliyense anapatsidwa masiku 16 a moyo. Koma opulumukawo sasunga chiwerengero cha masiku amene adutsa. Pa tsiku la 8 amayambiranso pachiyambi, aliyense ali ndi mwayi wa theka woti asweke m'masiku 8 akubwerawo. Akapulumukanso, pa tsiku la 16 mwayi wake ukadali theka lomwelo.

Zimenezi ungazione ndi maso ako madzulo ano. Tenga njere za chimanga 200, usankhe zaphwatalala bwino, ndipo iliyonse uilembe kadontho ndi cholembera mbali imodzi. Uziike m'chitini, ukhutchumule, uzikhuthulire pathebulo. Zonse zimene kadontho kayang'ana kumwamba uzichotse, zimenezo zasweka. Uwerenge zotsala, ulembe, uzibwezere m'chitini, uponyenso. Ulendo woyamba zitsala pafupifupi 100, wachiwiri pafupifupi 50, kenako 25, kenako 12 kapena 13. Palibe amene angayembekezere kuti poti ulendo woyamba zachoka 100, wachiwirinso zichoka 100 n'kutheratu, chifukwa njere zotsalazo zikugwa mwatsopano ndipo theka lake ligwa chafufumimba. Uonanso chinthu china chofunika. Manambala ako sakhala ndendende. Mwina upeza 104, kenako 49, kenako 27, ndipo zikatsala njere 6 zitha kuchoka ziwiri zokha kapena zisanu. Lamulo la theka limagwira bwino zinthu zikachuluka, ndipo limayamba kugwedera zikachepa. Kusiyana kwake n'kwakuti njere zimadikira kuti iwe uziponye, pamene maatomu amasweka mosalekeza usana ndi usiku, koma masamu ake ndi amodzi.

Hafulaifi tsono ndi nthawi imene imadutsa kuti theka la maatomu amene alipo lisweke. Kwa ayodini-131 ndi masiku 8.02, ndipo pa mayeso mumangoti 8. Woyamba kuona khalidwe limeneli anali Ernest Rutherford m'chaka cha 1900, patangopita zaka zinayi Henri Becquerel atatulukira cheza chochokera mu yureniyamu. Rutherford anaona kuti mpweya wina wotuluka mu toriyamu unkataya theka la mphamvu yake pafupifupi mphindi iliyonse, kaya wayamba ndi wambiri kaya wochepa.

Tiyeni tiwerenge ndi manambala enieni. Kuchipatala sayeza ayodini ameneyu pasikelo. Amayeza kuchuluka kwa maatomu amene akusweka pa sekondi imodzi, ndipo muyeso wake ndi bekerele, wolembedwa Bq. Bekerele imodzi ndi kusweka kumodzi pa sekondi. Tiyerekeze kuti tili ndi kapisozi wa 400 MBq, kutanthauza kuti maatomu 400 miliyoni akusweka sekondi iliyonse. Mlingo wotere ndi wofanana ndi umene amapatsa odwala chithokomiro chogwira ntchito mopyola muyeso. Popeza atomu iliyonse ili ndi mwayi wofanana, maatomu akachepa ndi theka, osweka pa sekondi nawonso amachepa ndi theka. Choncho kapisoziyo akangokhala m'chotengera chake chamtovu, pa tsiku la 8 ali pa 200 MBq, pa tsiku la 16 pa 100, pa tsiku la 24 pa 50, pa tsiku la 32 pa 25. Taona mmene kutsikako kukufookera. M'masiku 8 oyamba watsika ndi 200, koma m'masiku 8 achinayi watsika ndi 25 yokha. N'chifukwa chake girafu yake imakhala yokhota, yotsetsereka kwambiri poyamba kenako n'kumagona pang'onopang'ono. Yankho lako lija likanajambulidwa likanakhala mzere wowongoka wogunda ziro pa tsiku la 16.

Mafunso osavuta amapereka masiku ogawika bwino ndi 8. Ovuta amafunsa za tsiku la 20. Pamenepo gwiritsa ntchito njira iyi:

```
A = A₀ × (1/2)^(t / T½)
```

A₀ ndi muyeso woyamba, t ndi nthawi imene yadutsa, T½ ndi hafulaifi. Yamba wagawa 20 ndi 8, upeza 2.5, ndiwo mahafulaifi amene adutsa. Pa kakyuleta lemba `0.5^2.5` ndipo ikupatsa 0.177. Chulukitsa ndi 400, yankho ndi 70.7 MBq. Mwana wofulumira amati tsiku la 20 lili pakati pa tsiku la 16 ndi la 24, ndiye yankho lili pakati pa 100 ndi 50, n'kulemba 75. Kumeneko ndi kulakwitsa kwako komwe kuja kutavala malaya ena, chifukwa wajambulanso mzere wowongoka pamalo pokhota. M'masiku anayi oyamba a hafulaifi maatomu amakhala ochulukirapo, choncho amasweka ambiri kuposa m'masiku anayi omaliza. Yankho loona liyenera kukhala pansi pa 75. Ndimalimbikitsa ana anga kuti asanakhudze kakyuleta ayambe alemba malire awiriwo, 100 ndi 50. Yankho likatuluka kunja kwa malirewo, wadina molakwika penapake. Onetsetsanso kuti t ndi T½ zili m'muyeso umodzi. Funso likapereka maola 48 ndi hafulaifi ya masiku 8, sandutsa maolawo akhale masiku awiri usanagawe.

Palinso msampha wina umene umakola ngakhale ana akhama. Funso likati pakatha masiku 24 ndi gawo lanji lasweka, yankho ndi magawo 7 mwa 8, pakuti gawo limodzi mwa 8 ndi limene latsala. Werenga funso kawiri uone ngati akufuna zotsala kapena zosweka. Komanso usaganize kuti chinthucho chikupepuka ndi theka. Maatomu oswekawo sanasowe, angosanduka mtundu wina. Ukatsekera ayodini-131 m'botolo losatuluka mpweya n'kuliika pasikelo, pakatha masiku 8 kulemera kwake kumakhala chimodzimodzi, kungoti theka la ayodini lasanduka zenoni ali momwemo.

Ndiye kodi amatha? Ukayang'ana masamu okha, theka la theka la theka silifika pa ziro, ndipo aphunzitsi ena amalekera pomwepo, mwana n'kupita kunyumba ndi mantha ngati akowa. Koma maatomu ndi zinthu zowerengeka, ndipo theka la atomu kulibe. Tiyeni tiwawerenge amene ali mu kapisozi uja. Pali nambala ina yotchedwa lamuda, yolembedwa λ, imene imanena mwayi woti atomu imodzi isweke pa sekondi imodzi. Imagwirizana ndi hafulaifi komanso ndi mabekerele motere:

```
λ = 0.693 / T½
A = λ × N
```

N ndi chiwerengero cha maatomu amene sanasweke. Masiku 8.02 ndi masekondi pafupifupi 693,000, choncho λ ya ayodini-131 imatuluka yosavuta kukumbukira: mwayi umodzi pa miliyoni pa sekondi iliyonse. Ngati maatomu 400 miliyoni akusweka pa sekondi, ndipo amenewo ndi gawo limodzi pa miliyoni la onse, ndiye kuti onse pamodzi alipo 400 miliyoni kuchulukitsa ndi miliyoni, kapena kuti 4 × 10¹⁴. Nambalayi ikuoneka yoopsa, koma ukaigawa ndi nambala ya Avogadro, 6.02 × 10²³, n'kuchulukitsa ndi 131, upeza kuti ayodini yenseyo salemera ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 miliyoni a galamu. Sungamuone ndi maso. Tsopano uzigawa 4 × 10¹⁴ ndi 2 mobwerezabwereza. Ukagawa ka 10 watsala ndi gawo limodzi mwa 1,024, ndipo amenewo ndi masiku 80. Ukagawa ka 49 watsika pansi pa atomu imodzi, ndipo mahafulaifi 49 ndi masiku 392. Choncho ngakhale kapisozi wosamwedwa, wongokhala pashelefu, pakatha chaka ndi mwezi umodzi kapena iwiri ayodini-131 amakhala atatheratu. Tsiku lenileni limene atomu yomaliza isweke silidziwika, monga mmene sungadziwire ulendo umene njere yako yomaliza igwe chagada, koma limafika ndithu.

M'thupi mwa azakhali ako zimathamanga kuposa pamenepo, chifukwa ayodini amachoka m'njira ziwiri nthawi imodzi. Kwinaku akusweka, kwinaku thupi likumutaya. Thupi silisiyanitsa ayodini-131 ndi ayodini wa mumchere, chifukwa pa kemisitiri ndi amodzi, ali ndi maelekitiloni ofanana. Chithokomiro chimatenga gawo lake monga chimachitira nthawi zonse, ndipo wambiri mwa wotsalayo amatuluka ndi mkodzo m'masiku awiri kapena atatu oyamba. Amene walowa m'chithokomiro ndiye amagwira ntchito. Beta imene amatulutsa siyenda kupitirira mamilimita awiri m'mnofu, choncho imawononga maselo a chithokomiro chomwecho n'kusiya ziwalo zakutali. Gama ndiye amatha kudutsa n'kutuluka kunja kwa thupi, ndipo n'chifukwa chake odwala amauzidwa kuti masiku oyamba asamayandikane nthawi yaitali ndi ana aang'ono kapena amayi oyembekezera, azigona okha, azimwa madzi ambiri ndiponso azisamala ukhondo wa kuchimbudzi. Masiku ake amatengera mlingo umene munthu wapatsidwa, choncho azakhaliwo atsate zimene anauzidwa kuchipatala. Nthawi imene thupi limatenga kuti litaye theka la chinthu imaphatikizidwa ndi hafulaifi ya kusweka motere:

```
1/T(eff) = 1/T(phys) + 1/T(biol)
```

T(phys) ndi hafulaifi ya kusweka, T(biol) ndi nthawi imene thupi limatenga kuti litaye theka, ndipo T(eff) ndi nthawi imene theka limachoka njira ziwirizi zikamagwira ntchito pamodzi. Kwa munthu amene chithokomiro chake chili bwino, thupi limataya theka la ayodini wa m'chithokomiro pa masiku pafupifupi 80. Ukaphatikiza gawo limodzi mwa 8 ndi gawo limodzi mwa 80 upeza 11 mwa 80, ndipo ukatembenuza zikupatsa masiku 7.3. Chithokomiro chothamanga chimataya ayodini mofulumirapo, ndiye nambalayo imatsikanso. Yankho la masamu amenewa nthawi zonse limakhala lochepa kuposa nambala yaing'ono mwa ziwirizo, ndipo ukapeza loposa 8 udziwe kuti waiwala kutembenuza. Pakatha miyezi itatu zimene zatsala m'thupi n'zosanunkha kanthu. Chimene chimakhalitsa ndi zotsatira zake. Kwa anthu ambiri chithokomiro chimadzafooka pambuyo pa mankhwalawa, mwina patapita miyezi mwinanso zaka, ndipo amafunika kumwa mapiritsi a tairokisini, olowa m'malo mwa mahomoni amene chithokomiro chimapanga. Uwakumbutse azakhaliwo kuti asamaphonye masiku okayezetsa magazi, ndipo akayamba kumva kutopa kosatha, kuzizidwa kapena kunenepa mosadziwika bwino akanene. Zimenezo sizitanthauza kuti ayodini akadali m'thupi, zimangosonyeza kuti anagwira ntchito mpaka kupitirira pang'ono.

Mwina ungafunse ngati pali njira yofulumizitsa kuswekaku. Mu kemisitiri yonse imene waphunzira mpaka pano, ukatenthetsa zinthu zimasintha msanga, ukaziziritsa zimachedwa, ukathira chofulumizitsa zimathamanga. Apa zonsezo sizigwira. Uwiritse ayodini-131, umuike m'firiji, umusungunule m'madzi, umuphatikize ndi sodiyamu akhale mchere, hafulaifi yake ndi masiku 8.02 basi. Moto ndi asidi zimangofika pa maelekitiloni akunja, pamene mphamvu zomanga nyukiliyasi n'zazikulu kuwirikiza pafupifupi miliyoni kuposa za kemisitiri wamba. N'chifukwa chake zinyalala za m'chipinda cha wodwala wotere sazitentha pofuna kupha chezacho. Amazitsekera pamalo otetezedwa n'kudikira, kawirikawiri mahafulaifi 10 kapena kuposerapo, kenako amaziyeza asanazitaye. Kuno kwathu bungwe la Radiation Protection Authority of Zimbabwe ndilo limayang'anira kasungidwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka zinthu zoterezi.

Tsopano tione mmene hafulaifi imapezedwera poyeza, chifukwa mafunso a mayeso amakonda kuchokera pamenepa. Chida chodziwika ndi kauntala ya Geiger, imene imalira kuti tha nthawi iliyonse cheza chikalowa m'chubu chake. Ukayatsa chidachi m'chipinda mopanda kanthu kalikonse, chimalirabe apo ndi apo. Cheza chimenecho ndi chachilengedwe. China chimachokera kumwamba, china m'nthaka ndi m'makoma. Miyala ya gulanaiti ngati yosanjikizana ija ya ku Epworth imakhala ndi yureniyamu, toriyamu ndi potaziyamu-40 pang'ono, ndipo ngakhale thupi lako lili ndi potaziyamu-40. Chiwerengero cha m'chipinda chopanda kanthuchi chiyenera kuyezedwa choyamba n'kuchotsedwa pa muyeso uliwonse.

Tiyerekeze kuti m'chipinda mopanda kanthu chida chikuwerenga 20 pa mphindi. Waika chinthu chako, chawerenga 420. Pakatha masiku 16 wayezanso pa mtunda womwewo, chawerenga 120. Chotsa 20 pa zonse ziwiri, utsala ndi 400 ndi 100. Kuchoka pa 400 kufika pa 100 wagawa kawiri, 400 kukhala 200, 200 kukhala 100. Mahafulaifi awiri pa masiku 16, ndiye imodzi ndi masiku 8. Woiwala kuchotsa amagawa 420 ndi 120 n'kupeza 3.5, ndipo akalimbana nayo amatulutsa masiku pafupifupi 8.9. Kuiwala kumeneku nthawi zonse kumatalikitsa hafulaifi, ndipo kumakula pamene chinthucho chikufooka, chifukwa cheza cha m'chipinda sichichepa. Chizindikiro chake pa girafu n'chakuti mzere umasiya kutsika n'kugona pa 20 m'malo molunjika ku ziro. Njira yabwino yodziyesera ndi kuwerenga hafulaifi pamalo awiri kapena atatu a girafu yomweyo, kuyambira pa 400 kufika pa 200, kenako pa 300 kufika pa 150, kenako pa 100 kufika pa 50. Zonse zikuyenera kukupatsa nthawi yofanana. Ikamakula pamene ukutsika, mwina sunachotse cheza cha m'chipinda, apo ayi m'chinthu chakocho muli mitundu iwiri ya maatomu, wofulumira watha ndipo wochedwa ndiye watsala.

Usadabwenso ukayeza kawiri motsatizana n'kupeza manambala osiyana. Chida sichinawonongeke, ndi kugwedera komwe kuja unaona pa njere. Ukawerenga 100, yembekezera kuti ulendo wina upeza zochepa kapena zoposa ndi pafupifupi 10. Ukawerenga nthawi yaitali mpaka 10,000, kugwederako kumakhala pafupifupi 100, komwe ndi gawo limodzi lokha pa 100. Choncho chinthu chofooka chimafuna kuchiyeza kwa mphindi zambiri.

Mahafulaifi amasiyana kutalitali. Tekinetiyamu-99m amene amagwiritsidwa ntchito pojambula ziwalo za m'thupi ali ndi maola 6, choncho tsiku limodzi likatha watsala gawo limodzi mwa 16. Kobati-60 ali ndi zaka 5.27, kaboni-14 zaka 5,730, ndipo yureniyamu-238 zaka pafupifupi 4.5 biliyoni. Pano pali mfundo imene anthu ambiri amaimva mozondoka, poganiza kuti hafulaifi yaitali ndiye kuti cheza champhamvu. Yang'ananso `A = λ × N`. Hafulaifi ikatalika λ imachepa, ndiye pa maatomu ofanana kuchuluka, osweka pa sekondi amakhala ochepa. Galamu imodzi ya yureniyamu-238 imatulutsa mabekerele pafupifupi 12,400 okha, pamene kachidutswa kosaoneka ka ayodini-131 kaja kamatulutsa 400 miliyoni. Chosweka msanga chimakhala chaukali koma sichikhalitsa, chochedwa chimakhala chofatsa koma chimavuta posunga chifukwa sichichoka. Kuopsa kwenikweni kumadaliranso mtundu wa cheza ndi ngati chinthucho chalowa m'thupi.

Nambala ya 12,400 imeneyi ikuyankhanso funso limene mwana wina amafunsa chaka chilichonse, lakuti ndani anadikira zaka 4.5 biliyoni kuti aone theka la yureniyamu likutha. Palibe anadikira, ndipo girafu singathandize chifukwa pa moyo wa munthu muyesowo sutsika moti n'kuoneka. Amayeza kulemera kwa yureniyamu mosamala, amawerenga osweka pa sekondi, kenako masamu amamaliza. Mu galamu imodzi muli maatomu 6.02 × 10²³ kugawa ndi 238, omwe ndi 2.53 × 10²¹. Gawa 12,400 ndi nambala imeneyi, λ ikhala 4.9 × 10⁻¹⁸ pa sekondi. Gawa 0.693 ndi λ, upeza masekondi 1.41 × 10¹⁷. Chaka chili ndi masekondi pafupifupi 3.16 × 10⁷, ndipo ukagawa zikupatsa zaka 4.5 × 10⁹. Uwerenge wekha pa kakyuleta yako, ndipo posindikiza manambala a mphamvu ya 10 ugwiritse ntchito batani la `EXP` kapena `×10ˣ`, chifukwa ukalemba padera kuchulukitsa ndi 10 pansi pa chizindikiro chogawa popanda mabulaketi, kakyuleta imachulukitsa pamene iwe umafuna igawe, ndipo yankho limasochera kutali.